Kumasulira mawu atatu a chitetezo kwa antchito a ku depoti ya mafuta

Mapepala a chitetezo amene amafika ku depoti ya mafuta amalembedwa m'Chingerezi, koma anthu amene amakwera pamwamba pa thanki, amene amalumikiza payipi ku thankala yochokera ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ndi amene amalondera usiku, ambiri amalankhulana m'Chichewa. Wina ayenera kuimirira pakati n'kumasulira, ndipo nthawi zambiri amakhala kapitawo, wophunzitsa zachitetezo, kapena womasulira wochokera kunja amene sananunkhizepo petulo pafupi ndi thanki ya malita mamiliyoni awiri. Ndagwirapo ntchito yomasulira mapepala otere, ndipo mawu amene anandidyera nthawi kwambiri ndi atatu amene antchito amawatchula kuti fulashi poyinti, venti ndi bandi. Onse atatu amazungulira chinthu chimodzi chimene Chichewa chathu chilibe liwu lokwanira bwino: chija chimatuluka m'mafuta n'kusakanikirana ndi mpweya.

Tiyambire pamenepo, chifukwa liwu limenelo likalakwika, zina zonse zimapotoka.

Chimene chimayaka pa petulo si mafuta amadzi amene timawaona, koma nthunzi imene imachoka pamwamba pake. Ndasankha liwu loti nthunzi chifukwa enawo amasocheretsa kwambiri. Tikati utsi, wantchito adzayang'ana chakuda kapena chotuwa chimene chikufuka, osachiona, n'kuganiza kuti zinthu zili bwino. Tikati fungo, tachepetsa nkhani, chifukwa fungo limangosowetsa mtendere, silipha, komanso mphuno ya munthu amene wagwira ntchito m'depoti tsiku lonse imazolowera. Tikati mpweya, tasokoneza chinthu choopsa ndi chimene timapuma. Nthunzi ndilo liwu loyandikira, komabe nalonso lili ndi chilema. Nthunzi imene aliyense amaidziwa ndi ya pa mphika: imaoneka, ndi yotentha, ndipo imakwera m'mwamba. Nthunzi ya petulo imachita zosiyana nazo zonsezo. Nthawi zambiri siioneka, imatuluka ngakhale m'mawa wozizira wa mu June, ndipo imalemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya, choncho imatsika n'kumayenda pansi ngati madzi, kulowa m'ngalande, m'maenje ndi m'malo otsika. N'chifukwa chake pa tsamba loyamba la chilichonse chimene ndamasulira ndimalemba mawu onse: "nthunzi ya mafuta, yosaoneka, yolemera, yoyenda pansi." Pambuyo pake ndimangoti nthunzi, poti wowerenga wadziwa kale kuti si ya pa nsima.

Nthunzi imeneyi siiyaka nthawi zonse. Ya petulo imagwira moto ikakhala pakati pa magawo 1.4 ndi 7.6 pa magawo 100 aliwonse a mpweya. Ikachepa kuposa pamenepo moto susowa mpweya koma chakudya, ikachuluka kuposa pamenepo moto umasowa mpweya. Kamakina koyezera nthunzi kamene antchito amanyamula kamaonetsa %LEL, kutanthauza kuti nthunzi yafika pati poyerekeza ndi malire apansiwo. Zilembo zimenezo sindizimasulira, chifukwa ndi zimene maso awo adzaone pa kamakinako.

Tsopano fulashi poyinti. Womasulira wotsatira liwu ndi liwu amagwa m'dzenje nthawi yomweyo, chifukwa theka lachiwiri la mawuwa limatanthauzanso malo, ndipo theka loyamba limakumbutsa kung'anima kwa mphezi. Ndinaonapo pepala lina pamene panalembedwa kuti "malo oyakira moto." Mlonda wowerenga zimenezo angafunse moona mtima kuti malowo ali mbali iti ya depoti kuti aziwapewa. Koma si malo. Ndi mlingo wa kutentha, woyezedwa m'madigiri.

Njira imene amaupezera mu labotale imathandiza kumvetsa tanthauzo. Amathira mafuta pang'ono m'kakapu kachitsulo kovindikira, n'kumakatenthetsa pang'onopang'ono akutakasa. Kutentha kukakwera pang'ono, amatsegula kachibowo n'kuviika kalawi kakang'ono m'katimo. Poyamba palibe chimachitika. Kenako pamafika digiri ina imene nthunzi ya m'kakapumo imangoti ng'ani, n'kuzima. Digiri imeneyo ndiyo fulashi poyinti. Dizilo amayezedwa kawirikawiri ndi chipangizo cha Pensky-Martens motsatira njira yotchedwa ASTM D93. Choncho kumasulira kumene ndimagwiritsa ntchito ndi uku: "kutentha kochepetsetsa kumene mafuta amayambira kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto, ngati pali lawi kapena kamoto kothetheka." Ndi chiganizo chachitali, ndipo sindichifupikitsa pa tsamba lophunzitsira. Pa chikwangwani ndi polankhulana ndimasiya liwu lobwereka lija, chifukwa ndilo limene wantchito adzamve kwa wa mu labotale ndi kwa dalaivala wa ku Tanzania kapena ku Mozambique.

Mbali yomaliza ya chiganizocho, yonena za lawi, ena amaichotsa n'kulemba kuti "kutentha kumene mafuta amayakira." Pamenepo asakaniza zinthu ziwiri. Mafuta akafika pa fulashi poyinti sayaka okha, amadikira choyatsa. Kutentha kumene amayakira okha popanda lawi ndi mlingo wina, wopitirira madigiri 200 kwa petulo ndi dizilo yemwe, ndipo n'zodabwitsa kuti dizilo ndi amene amadziyatsa pa kutentha kocheperapo. Mlingo wachiwiriwu ndi umene umagwira ntchito dizilo akadonthera pa ekizozi yotentha ya thankala. Wantchito amene wauzidwa kuti dizilo "amayaka pa madigiri 55" adzaona kuti si zoona, poti dramu yokhala padzuwa siiyaka yokha, ndipo adzasiya kukhulupirira pepala lonselo.

Msampha waukulu kwambiri uli pa liwu loti kutsika. Fulashi poyinti ya petulo ili cha m'ma madigiri 40 pansi pa ziro. Ya mowa wa ethanolo, umene umapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa n'kusakanizidwa ndi petulo wathu, ndi madigiri 13. Ya palafini ndi mafuta a ndege imayambira pa 38, ndipo ya dizilo wabwino imakhala pamwamba pa 55 kapena kuyandikira pamenepo. M'malankhulidwe athu chinthu chotsika n'chochepa mphamvu, pamene chokwera n'choopsa: malungo akwera, mtsinje wakwera, mitengo yakwera. Wantchito akamva kuti petulo ali ndi mlingo wotsika, khutu lake limamva kuti ndiye wofatsa. Zoona zake n'zotembenuka. Nambala ikakhala yaing'ono, ndiye kuti mafutawo safuna kutenthedwa kuti akonzeke kuyaka. Kuno kulibe tsiku kapena usiku umene kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro, ngakhale pa Nyika, choncho petulo amakhala wokonzeka kuyaka ola lililonse la chaka. Ine liwu loti kutsika ndimalipewa m'chiganizo cha chenjezo. Ndimalemba kuti "petulo amagwira moto ngakhale ali wozizira, dizilo amafuna atenthe kaye." Palafini ndimamuika payekha, chifukwa madigiri 38 si kutentha kwachilendo ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu October ndi November, ndipo chitsulo cha dramu yokhala padzuwa chimatentha kuposa mpweya.

Nambala imeneyi ilinso ndi ntchito ina imene wolandira mafuta ayenera kuidziwa: imaulula kusakanikirana. Petulo pang'ono chabe, ngakhale gawo limodzi kapena awiri pa 100, akalowa mu dizilo kapena mu palafini, fulashi poyinti imagwa ndi madigiri ambiri pamene mafutawo akuonekabe bwinobwino m'botolo. Palafini wotero akatuluka m'depoti amakathera mu koloboyi ndi mu sitovu m'nyumba za anthu. Ndiponso pamene akuthira dizilo m'chipinda cha thankala chimene chinanyamula petulo ulendo wapita, nthunzi yotsalira ija imachepa mpaka kufika pa mlingo woyaka, ndipo magetsi amene amadzikundika mafuta akamathamanga m'payipi akhoza kuthetheka n'kuyatsa. Ndiye chifukwa chake funso loti "munanyamula chiyani ulendo watha?" ndi waya wolumikiza thankala ku nthaka si mwambo chabe. Pomasulira ndimaonetsetsa kuti chifukwacho chalembedwa pafupi ndi lamulolo.

Liwu lachiwiri, venti, limaoneka losavuta, ndipo pafupifupi aliyense amalimasulira kuti "potulukira mpweya." Theka lokha ndi loona.

Thanki yaikulu yosungiramo mafuta si mbiya yolimba monga imaonekera. Poyerekeza ndi kukula kwake, chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo inapangidwa kuti inyamule kulemera kwa mafuta, osati kupirira mpweya wopanikizika kapena kukoka kwa m'kati. Pamene pampu ikuthira mafuta, mpweya wosakanikirana ndi nthunzi uyenera kutuluka. Pamene pampu ikukoka mafuta, mpweya wakunja uyenera kulowa kudzatenga malo amene mafuta asiya. Pampu yotulutsa malita 100,000 pa ola imafuna kuti malita 100,000 a mpweya alowe m'ola lomwelo. Ngakhale pampu itazimitsidwa, masana dzuwa limafufumitsa mpweya wa m'kati, ndipo usiku, kapena mvula yadzidzidzi ikagwera denga lotentha, mpweyawo umanyala mofulumira. Aliyense amene anakhuthulapo madzi m'chigubu cha pulasitiki chopanda kabowo kolowera mpweya anaona mbali zake zikulowa m'kati. Thanki yachitsulo imachita chimodzimodzi, koma siibwerera.

Nambala zake n'zochititsa mantha chifukwa cha kuchepa kwake. Mathanki ambiri a denga lokhazikika amapirira kukoka kofanana ndi kukweza madzi masentimita ochepa chabe m'kapayipi, kukoka kumene mwana amakupitirira akamamwa chakumwa ndi kaudzu ka pulasitiki. Titenge masentimita 6. Pa denga la thanki yotambalala mamita 15, kukoka kochepa kumeneko kumafanana ndi katundu wopitirira matani 10 atasanjikidwa pamwamba. Pampu ikapitiriza kukoka potseka, thanki imaphwanyikira m'kati ngati chitini chopondedwa.

Apa ndi pamene kumasulira kwa theka kumabala ngozi. Munthu amene akudziwa kuti chipangizo cha padenga chija ndi potulukira mpweya woipa saona vuto kuchiphimba ndi pepala la pulasitiki pamene akupenta thanki, kapena pofuna kuletsa fungo ndi mvula. M'maganizo ake wangotsekera zoipa m'kati. Mathanki ambiri padziko aphwanyika chifukwa cha zimenezi, komanso chifukwa cha chisa cha mbalame, dothi la mavu, dzimbiri ndi penti youmira pa sefa yotchinga lawi. Choncho ndimamasulira kuti "popumira thanki," ndipo valavu ya padenga ija ndimaitcha "valavu yopumira, yolowetsa ndi kutulutsa mpweya." Kupuma n'kwabwino chifukwa aliyense amadziwa kuti kuli mbali ziwiri, ndipo palibe amene amafunsa chifukwa chake simuyenera kutseka mphuno.

Koma liwu limeneli lili ndi mnzake wobisala. Kupuma ndi kulekanso ntchito. Tsiku lina pa maphunziro ndinawerenga chiganizo choti "thanki ikamapuma musayandikire ndi moto," ndipo bambo wina wachikulire, amene anagwira ntchito pa mapampu zaka zambiri, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Achimwene, mukunena thanki imene yaimitsidwa ntchito, kapena imene ikugwira?" Funso lawo linali lolondola. Kuyambira pamenepo sindilemba kupuma palokha. Ndimati "kupuma mpweya," ndipo thanki imene yachotsedwa pa ntchito ndimati "yaimitsidwa." M'buku lonse mawu awiriwa sasinthana.

M'Chingerezi muli mawu ena ofanana ndi venti amene amanena ntchito zosiyana kwambiri, ndipo onse akhoza kugwera mu "kutulutsa mpweya" ngati womasulira sasamala. Kupitsa mphepo m'chipinda cha mapampu kuti nthunzi isadzikundike ndi china. Kuchotsa nthunzi yonse m'thanki yopanda mafuta munthu asanalowemo kapena asanawotcherere ndi chinanso, ndipo chimatha pokhapokha kamakina koyezera katsimikiza ndi chilolezo cholembedwa chitaperekedwa. Thanki imene ikupuma mpweya bwinobwino idakali yodzaza nthunzi. Chilichonse mwa zitatuzi ndimachipatsa mawu akeake: kupuma mpweya, kupitsa mphepo, ndi kuchotsa nthunzi.

Lachitatu, bandi, limakhudza mafuta otayika. Apa Chichewa ndi cholemera kuposa pepala limene tikumasulira, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito chumacho. Kudontha, kuchucha, kutayika, kukhuthuka ndi kusefukira si chinthu chimodzi. Wantchito akaimba kuti "valavu ikudontha," kapitawo amabwera ndi sipanala ndi chidebe. Akati "thanki ikusefukira," pampu iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo ndipo anthu achoke. Ndimalimbikitsa kuti mawu amenewa alembedwe motsatana ndi kukula kwa vuto, kuti amene ali pa wailesi yam'manja asamafunse kawiri.

Chovuta ndi liwu lina la Chingerezi, limene limanena zoletsa mafuta otayikawo kupita patali. Ambiri amalimasulira kuti kuyeretsa, kupukuta kapena kusamalira. Koma munthu wouzidwa kuti ayeretse amathamangira payipi ya madzi, monga angachitire pakhonde. Petulo ndi dizilo amayandama pa madzi, choncho madziwo amangowanyamula kuwapititsa ku ngalande, kumene nthunzi imayenda mobisika mpaka kukapeza moto kutali, ndipo mafutawo amakathera mu mtsinje kapena m'zitsime za anthu oyandikana ndi depoti. Liwu lolondola ndi kutsekereza: kuimitsa mafuta pamalo amodzi kuti asafalikire. Dongosolo lake limayamba ndi kuletsa kumene akuchokera ndi kuzimitsa chilichonse chothetheka, kenako kutseka makomo a ngalande ndi kuzinga mafutawo ndi mchenga kapena mapilo oyamwa mafuta, ndipo kutola ndi kuyeretsa kumabwera pomaliza. Utuchi suyenera pa petulo, chifukwa umangosanduka nkhuni zonyowa ndi mafuta.

Bandi ndi khoma lalifupi lozungulira mathanki, pamodzi ndi pansi pake posalowa madzi. Kulitcha mpanda n'kulakwa, chifukwa mpanda umaletsa mbuzi ndi akuba koma madzi amadutsa, ndipo aliyense amadziwa kuti mpanda ukhoza kubooledwa kuti payipi kapena waya adutse. Ndimati "khoma lotsekereza mafuta," ndipo pofotokoza ndimatchula ngonyeka za m'munda, zimene zimagwira madzi pakati pa mizere kuti asathamange. Mlimi aliyense amadziwa kuti ngonyeka yogumuka pang'ono ndi yopanda ntchito.

Lamulo lofala m'mayiko ambiri ndi loti m'kati mwa khomalo mukwane magawo 110 pa 100 a mafuta a thanki yaikulu kwambiri. Tiwerengere limodzi. Thanki ya malita 2,000,000 imafuna malo a malita 2,200,000. Bwalo la mamita 50 m'litali ndi 32 m'lifupi, lokhala ndi khoma la mita imodzi ndi theka, limasunga malita 2,400,000, choncho pali malo otsala a malita 200,000. Mvula ya January ikagwa n'kusiya madzi ofika masentimita 20 kuzungulira thankiyo, madziwo atenga malo opitirira malita 280,000. Madzi osafika m'mawondo achititsa kuti khomalo lisakwanenso mlingo wa lamulo lija.

Pamenepa pakubadwa vuto limene womasulira ayenera kulimvetsa asanalembe chikwangwani. Madzi a mvula ayenera kutulutsidwa, koma valavu yotulutsira madziyo ikasiyidwa yotsegula, khoma lonse lasanduka chokongoletsa. Nyengo ya dzinja chiyeso chake n'chachikulu: kuisiya yotsegula kuti munthu asamabwerebwere pa mvula. Mawu a Chingerezi a pa valavu yotere amanena kuti imakhala yotseka mwa chizolowezi, ndipo ena amamasulira kuti "imatsekedwa nthawi zambiri," zimene zimamveka ngati nkhani yongofotokoza, osati lamulo. Ndimalemba motere: "Valavu iyi ikhale yotseka ndi loko. Musanatsegule, yang'anani ngati pamwamba pa madzi pali mafuta. Mukatsegula, imani pomwepo mpaka mutatseka." Chizindikiro cha mafuta pa madzi ndimachitcha utawaleza, chifukwa ndi mmene chimaonekera. Madziwo amayenera kudutsa m'dzenje lolekanitsa mafuta ndi madzi asanatuluke kunja, ndipo dzenjelo linapangidwira mafuta ochepa otsalira, osati thanki yathunthu.

Ngozi ya ku Buncefield, ku England, pa 11 December 2005, ndimaifotokoza pa maphunziro chifukwa mawu atatu onsewa amakumana m'menemo. Thanki nambala 912 inkalandira petulo usiku. Geji yoonetsa mlingo inakakamira, ndipo switchi yoyenera kuimitsa mafuta thanki ikadzaza sinagwire ntchito. Petulo wokwana pafupifupi matani 300 anasefukira kudzera m'mabowo opumira a padenga n'kutsikira m'bandi. Khomalo linagwira mafuta amadzi, koma nthunzi inadzaza n'kudumpha khoma, n'kuyenda pansi mpaka kunja kwa depoti. Unali m'mawa wozizira wa nyengo yachisanu, koma kwa petulo kuzizira kumeneko sikunali kanthu. Itangokwana 6 koloko kunaphulika, anthu oposa 40 anavulala, ndipo moto unayaka masiku angapo. Pambuyo pake makoma ena anachucha m'malo olumikizira ndi modutsa mapayipi, mafuta ndi madzi ozimitsira moto n'kulowa m'nthaka. Kufupi ndi kwathu, ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, pa 17 November 2016, anthu oposa 70 anafa pamene thankala yonyamula petulo wopita ku Malawi inaphulika anthu atasonkhana kudzatunga mafuta. Chifukwa cha nkhani ziwirizi, pa tsamba lonena za bandi ndimawonjezera chiganizo chimene nthawi zina sichikhala m'Chingerezi: "Khoma ili limatsekereza mafuta, silitsekereza nthunzi."

Ndikamaliza kumasulira sindifunsa kuti "mwamva?", chifukwa mwaulemu wathu aliyense amayankha kuti eya. Ndimapempha kuti titulukire panja, ndipo ndimafunsa mafunso atatu: pakati pa petulo ndi dizilo, ndi uti angayake m'mawa uno, chingachitike n'chiyani titaphimba chipangizo cha padenga chija pampu ikukoka, ndipo mafuta atatayika pano pamene taimapa, chinthu choyamba kugwira ndi chiti. Wina akaloza payipi ya madzi, ndimabwerera ku tsamba la kutsekereza n'kukalembanso, kenako timabweranso pamalo omwewo ndi gulu la mawa lake, kuphatikizapo alonda ndi osesa, amene kawirikawiri ndiwo amakhala pafupi ndi ngalande usiku ndi m'mamawa.